Benchi la m'kemisi mwathu

Sukulu ya zamalonda ndinaisiya ndili m'chaka chachiwiri. Ndinatopa ndi kukhala m'kalasi kumamvera nkhani za makampani amene sakanandilola ngakhale kusesa pakhomo pawo. Ndinabwerera kwathu ku Bertrams, ku Joni, ndi mabuku awiri ndi mkwiyo, ndipo bambo anandipatsa ntchito imene ankati ndiyo yoyenera munthu wothawa sukulu: kutsegula makatoni, kupukuta mashelefu, ndi kukapereka mankhwala m'mafulati a ku Hillbrow. Chinali chaka cha 1993.

Tinali ndi sitolo ya mankhwala, imene ku Joni aliyense amangoti kemisi. Poyamba inali ya mzungu wina wokalamba, ndipo achemwali anga aakulu ankagwira ntchito kwa iyeyo atamaliza maphunziro a zamankhwala. Lamulo loletsa munthu wakuda kukhala ndi malo m'dera la azungu litachotsedwa, mzunguyo anagulitsa sitoloyo n'kupita kukakhala kwa ana ake. Pa nthawiyo lamulo linkati mwini kemisi akhale munthu amene anaphunzira za mankhwala, ndiye pa mapepala sitolo inali ya achemwali. Koma ndalama zogulira zinachokera kwa bambo, zimene anasonkhanitsa kuyambira ali ku mgodi mpaka pamene ankasoka zovala pa khonde la mmwenye. Choncho pakhomo sitolo inali ya bambo. Achemwali anali ndi satifiketi pakhoma, bambo anali ndi makiyi.

M'kati munali mopanikizika. Kutsogolo kunali mashelefu a sopo, mafuta odzola, mkaka wa ana ndi mankhwala a mutu amene aliyense angagule. Kumapeto kunali kauntala ya achemwali, kumene ankaperekera mankhwala olembedwa ndi dokotala. Ndiye pafupi ndi kauntalayo, poti munthu akatambasula mkono akhoza kuigwira, panali benchi. Bambo analipala okha, lalitali, la matabwa olemera. Pa benchi limeneli pankakhala madoda akwathu, a ku Machinga ndi ku Mangochi, anzawo a bambo a ku mgodi. Mkulu wawo anali amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu amene sanagulepo kanthu m'sitolomo kupatula maswiti a chifuwa. Ankafika dzuwa litangokwera, kumwa tiyi wathu, kukamba za mvula ya kumudzi, za amene wamangidwa chifukwa cha mapepala, za amene akupita kwawo ndi basi. Munthu akalowa ankamulonjera onse pamodzi, kenaka funso:

"Kwagwanji kunyumba? Akudwala ndani?"

Kwathu limenelo ndi funso laulemu. Munthu wosafunsa za matenda a mnzake timati ndi wouma mtima. Ine ndinakula ndikulimva, ndipo sindinkaonapo cholakwika.

Kenaka tsidya lina la msewu, pamene panali sitolo ya mipando, anthu anayamba kukhoma magalasi aakulu ndi magetsi oyera. Inali kemisi. Mwini wake sitinamuone n'komwe masiku oyambawo. Tinangomva kuti ali m'gulu la makemisi ambiri amene amaoda katundu pamodzi ku holoselo, ndiye amagula motchipa kuposa ife. Anatsegula ndi mabaluni ndi nyimbo. Madoda a pa benchi anaima pa khomo lathu n'kumaseka.

"Amenewo akudziwa kupereka moni m'Chiyao?" anatero amalume. "Asiyeni. Magetsi sachiza munthu."

Pasanathe miyezi iwiri kuseka kunatha. Mkaka wa ana unayamba kugona pa shelefu. Zimenezo sizinandidabwitse, chifukwa ndinakalowa ndekha m'kemisi yatsopanoyo n'kuona mitengo: chitini chimene ife tinkaoda pa mtengo wakutiwakuti, iwo ankagulitsa pafupifupi pa mtengo womwewo. Chimene chinatiopsa chinali kumbuyo. Makalata a madokotala anachepa. Anthu amene ankabwera mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, anayamba kusowa mmodzimmodzi. Kemisi imakhala kemisi chifukwa cha kauntala ya kumbuyoko. Ikafa imeneyo, chotsala ndi golosale yonunkhira sopo.

Tsiku lina ndikubwera ku Hillbrow ndi chikwama changa chopanda kanthu ndinakumana ndi mnyamata wina wakwathu akutuluka m'kemisi yatsopano, kapepala koyera kali m'manja. Tinkadziwana. Ankagwira ntchito yopenta nyumba, ndipo kale ankabwera kwathu mwezi uliwonse. Atandiona anafuna kutembenuka, koma msewu unali umodzi.

"Achimwene, mwatitaya," ndinatero. "Kwatchipa bwanji kumeneko?"

"Sikunatchipe. Mtengo ndi womwewo."

"Nanga?"

Anandiyang'ana ngati akufuna kundilavulira. "Ukufunsa zoona kapena ukundiseka?"

Tinaima pa siteji ya mateksi ndipo anandiuza. Iye ankamwa mankhwala a khunyu. Anali atatha zaka osagwa, chifukwa ankamwa mosadumphitsa. Palibe ankadziwa, ngakhale anzake ogona nawo chipinda chimodzi. Tsiku lina dokotala anamusinthira mapilisi, ndipo achemwali anayenera kumufotokozera kamwedwe kake ndi kumuchenjeza kuti asadzasiye mwadzidzidzi, chifukwa kugwa kungabwerere. Analankhula motsitsa mawu. Koma benchi linali pomwepo. Lamlungu lotsatira madoda anayi anakwera masitepe a fulati yake, amalume ali patsogolo, atanyamula malalanje ndi botolo la sikwashi. Anabwera kudzamuzonda. Anakhala pa bedi lake, kumupepesa, kumupempherera, kumuuza za sing'anga wina wa ku Machinga amene amatha matenda amenewo. Anzake a m'chipinda anali pomwepo akumva. Sabata yomweyo mmodzi anachotsa kapu ndi mbale yake pa shelefu imene ankagawana. Mwezi usanathe nkhani inakwera basi n'kufika ku Mangochi, ndipo makolo a mtsikana amene anamutomera anabweza mawu.

"Malalanje," anatero mnyamatayo. "Anandibweretsera malalanje, mfana. Uko akandipatsa mankhwala amangoti thenkyu, sadziwa ngakhale dzina la mudzi wanga. Ndikufuna zimenezo."

Teksi yake inabwera, anakwera osatsanzika.

Ndinawauza achemwali madzulo omwewo tikutseka. Anakhala pa katoni ya mabotolo, manja ali pa maondo. Kenaka anati ankadabwa kale chifukwa chake atsikana okwatiwa kumene sabweranso kudzatenga mapilisi olera, ndi chifukwa chake amuna ena amalowa, kuona benchi, kugula chingamu n'kutuluka. Anati chinsinsi cha wodwala si nkhani ya ulemu chabe, ndi lumbiro la ntchito yawo, ndipo munthu akakadandaula kwa oyang'anira ntchitoyo satifiketi imene ili pakhoma ndi yawo, si ya amalume.

"Ndiye awuzeni bambo," ndinatero.

"Iwe ukuwadziwa bambo ako. Ndikanena ine ndiye kuti sukulu yandipatsa mwano."

Kwathu mwana sadzudzula bambo ake maso ndi maso. Ukakhala ndi dandaulo umapita kwa amalume, iwo ndiye amakalankhula. Nanga ukatani pamene dandaulo lako ndi amalume omwewo?

Apa m'pamene ndinakumbukira chinthu chimodzi chimene ndinatola ku sukulu ija. Amachitcha SWOT, zilembo zoyamba za mawu anayi achingerezi. Palibe zamatsenga. Umajambula mtanda, pamakhala zigawo zinayi. Pamwamba umalemba za m'kati mwa bizinesi yako, zimene zili m'manja mwako: mphamvu zako ndi zofooka zako. Pansi umalemba za kunja, zimene sungazilamule: mwayi umene ulipo ndi zoopsa zimene zikubwera. Ukatha umaona mphamvu iti ingagwire mwayi uti, ndi chofooka chiti chikutsegulira chitseko choopsa chiti, kenaka umasankha chochita. Ndinaganiza kuti chimene sitingathe kunena ndi pakamwa, chikatoni chikhoza kutinenera. Mawu akalembedwa pakati pa mawu ena sakhala a mwana wamwano, amakhala a bizinesi. Ndinkaganiza choncho.

Tinakhala pansi Lamlungu masana, sitolo ili yotseka. Ndinang'amba chikatoni cha matewera n'kuchikhomera pa shelefu, mtanda ndinajambula ndi cholembera mitengo. Ndinaitana bambo, amayi ndi achemwali. Bambo anabwera ndi amalume.

"Nkhani ya banja popanda mwini mbumba?" anatero bambo ataona nkhope yanga.

Amalume anakhala pa benchi, pamalo pawo pa masiku onse, n'kufunsa ngati tiyi alipo.

Ndinafotokoza zigawo zinayi zija. Bambo anamvetsera atapinda manja.

"Ndiye zimenezi ndi zimene unathawira?" anafunsa. "Mtanda? Ukanangopita ku tchalitchi, n'kwaulere."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaluma mano n'kuyamba ndi mphamvu, chifukwa ndinkadziwa kuti kumeneko sitikangana. Zinatuluka bwino. Timalankhula Chichewa, Chiyao, Chizulu ndi Chingerezi, ndipo bambo amatha ndi Chifanakalo cha madoda a ku mgodi. Achemwali amafotokoza mankhwala mpaka munthu amve, ndipo m'mwezi wa kusala amaimbira dokotala foni kuti agwirizane nthawi yomwera yogwirizana ndi wosalayo. Amadziwa mankhwala a chifuwa amene ali ndi mowa ndi amene alibe. Timakapereka mankhwala pakhomo, ngakhale m'nyumba zimene chikepe chinafa kalekale. Amayi, amene ankakhala chete, anawonjezera kuti ife munthu sitimuyang'ana ngati wakuba akangolowa. Ndinalemba.

"Lemba kuti tili ndi Mulungu," anatero amalume.

"Nawonso a kutsidyawo ali naye, amalume. Mphamvu ndi chimene ife tili nacho kuposa iwo."

"Iwe mwana, pakamwa."

Tinatsikira pansi, ku mwayi. Bambo anati ndilembe kuti tidzatsegula kemisi yachiwiri ku Hillbrow. Ndinawauza kuti chimenecho ndi chikhumbo, si mwayi. Mwayi ndi chinthu chimene chikuchitika kunjaku kaya ife tifune kaya tisafune. Mafulati akudzaza ndi anthu atsopano, ambiri osadziwa Chingerezi. Anthu opita kumudzi amafuna katundu wa mankhwala wamba woti akagawe kwa abale, ndipo palibe amawakonzera. Dokotala wina wachinyamata watsegula chipinda pafupi ndi siteji ndipo sasunga mankhwala. Zimenezo ndinalemba. Bambo anang'ung'udza koma analola.

Zoopsa anazikonda kwambiri, chifukwa zonse zinali zolakwa za anthu ena. Kemisi yatsopano ndi mitengo yake, ndiponso kuti imatsegula mpaka usiku ndi Lamlungu lomwe. Madokotala amene amagulitsa okha mankhwala m'zipinda zawo. Makasitomala akale a mzungu uja amene akusamuka m'dera lino. Akuba.

"Ndi anthu akwathu osayamika," anatero bambo. "Lemba. Munthu ndinamulandira ine pa siteshoni alibe ndi bulangete lomwe, lero akudutsa pakhomo panga kukapereka ndalama kwa mlendo."

"Tiyeni tione kaye chifukwa chake akudutsa," ndinatero, n'kuloza chigawo chimene chinatsala.

Zofooka. Achemwali anatchula zosavuta: timaoda pang'onopang'ono ndiye timagula modula, malo ndi ochepa, wodziwa mankhwala ndi mmodzi yekha moti akadwala kauntala ya kumbuyo imatsekedwa. Lachisanu masana timatseka kupita ku mzikiti. Bambo anati chimenecho si chofooka ndipo sichisintha, ine ndinati chabwino, tilembe chabe kuti tidziwe. Kenaka ndinalemba ndi zilembo zazikulu: BENCHI.

Bambo anawerenga, anayang'ana amalume, anayang'ananso chikatoni.

"Walakwitsa chigawo," anatero modekha. "Limenelo lipite uko, ku mphamvu."

"Sindinalakwitse."

"Anthu amabwera muno chifukwa cha benchi limeneli. Munthu akatsika basi kuchokera kumudzi amafunsa kuti kemisi ya benchi ili kuti. Muno ndi pamudzi."

"N'zoona, bambo. Tiligawe pawiri. Kuti anthu amatidziwa ndi kutikhulupirira, imeneyo ndi mphamvu, ndilemba pompano. Koma kuti munthu sangatenge mankhwala popanda mudzi wonse kumva, chimenecho ndi chofooka. Ndipo n'chimene chikudyetsa a kutsidyawo. Pa mkaka akutiposa ndi mtengo, pamenepo sitingachite kanthu. Pa mankhwala a dokotala mtengo ndi umodzi. Akutiposa chifukwa kulibe makutu."

"Makutu ake a ndani?" anafunsa amalume.

Ndinafotokoza za malalanje, osatchula munthu, ngakhale aliyense anadziwa. Ndinkayembekezera kuti amalume achita manyazi. Anadabwa, kudabwa kwenikweni.

"Ndiye kuzonda wodwala kwasanduka mlandu? Mwana wa eni ali yekha m'dziko la eni, tikanangomusiya? Akanagwa pa makwerero akupenta, bwenzi mukuti madoda aja ankadziwa koma anakhala chete."

"Sanakupempheni."

"Wodwala amachita kupempha?"

"Ukwati wake watha, amalume."

"Ndiye mumafuna mtsikanayo akwatiwe osadziwa? Akanakhala mlongo wako?"

Apa achemwali analankhula. Anati woyenera kumuuza mtsikanayo anali mnyamatayo, pa nthawi yake, osati benchi. Anati sakupempha kuti madoda athamangitsidwe. Zimene chikatoni chikuonetsa n'zapafupi: tisalimbane ndi a kutsidya pa mitengo, tidzaluza. Tigwire anthu atsopano a m'mafulati ndi zilankhulo zathu ndi kupereka pakhomo, tikalankhule ndi dokotala wa pa siteji, tikonze katundu wa opita kumudzi. Koma zonsezo n'zachabe ngati munthu akuopa kufika pa kauntala. Benchi lituluke pa khonde, pali mthunzi, tiyi azipita komweko. Pamalo pakepo tiike thabwa lotchinga kuti munthu aziima yekha.

"Pa khonde," anatero bambo.

Anaimirira. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa ndinadziwa kuti nkhani yatha.

"Inu ana munabadwira pofewa. Ine m'tauni muno ndagula buledi pa windo la kumbali, nditaima pa dzuwa, mzungu akundiponyera chenji pansi. Madoda amenewa ndinaima nawo pa mawindo amenewo. M'kemisi muno momwe, nthawi ya mzungu uja asanamulembe ntchito mwana wanga wamkaziyu, ndinkadikira panja mpaka azungu onse atathandizidwa. Tsiku limene ndinalandira makiyi ndinalumbira kuti m'sitolo mwanga munthu wakwathu adzakhala pansi, m'kati. Lero mwana wanga wothawa sukulu wajambula mtanda pa chikatoni cha matewera kuti ndiwabwezere panja."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndimadziwa kuti zinali zoona. Ndipo sizinayankhe kanthu. Mnyamata wopenta uja nayenso anali munthu wakwathu, ndipo amene anamutulutsa panja sanali mzungu.

Ndinawauza choncho. Amayi anandigwira mkono kuti ndikhale chete, ine ndinaukoka. Bambo anatenga cholembera m'manja mwanga, anafufuta liwu lija ku zofooka n'kulilemba okha ku mphamvu, ndi zilembo zawo zopendama za ku sukulu ya usiku. Kenaka analengeza chimene bizinesi ichite: titsitsa mtengo wa mkaka, matewera ndi sopo kuti ufanane ndi wa kutsidya. Chinthu chimodzi chokhacho chimene chikatoni chonse chinkati tisachite.

"Yebo," anatero amalume. "Tsopano mwalankhula ngati amuna."

M'mawa mwake ndinafika msanga, ndinakoka benchi ndekha mpaka pa khonde. Linali lolemera ngati bokosi la maliro ndipo linandisupula chala. Bambo atafika anaima, analiyang'ana, anavula jekete. Sanandiitane. Anagwira mbali imodzi n'kuyamba kulikoka, mwamuna wa imvi, msana wopindika ndi mgodi, anthu a pa msewu akuonerera. Achemwali anatuluka n'kukagwira mbali inayo. Anawathandiza kulibwezera. Atalowa, achemwali anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Sindingawasiye bambo anga akoke thabwa pa msewu," anatero. "Koma sindingapitirizenso kugwira ntchito chonchi."

Tsiku lomwelo anawauza bambo, pamaso pa amayi, kuti chipatala china chikufuna munthu wa mankhwala. Benchi likakhala lili pomwepo pakutha pa mwezi wotsatira, iwo apita. Bambo anati mwana wamkazi saopseza bambo ake. Sanakhulupirire. Anapitiriza kulemba mitengo yatsopano pa zitini.

Mkaka unayamba kuyenda, zoona. Tinkagulitsa wambiri ndipo pa chitini chilichonse tinkapeza pafupifupi chabe. A kutsidya sanatekeseke, anangotsitsanso pang'ono kwa sabata imodzi. Ine ndinkanyamula makatoni ochuluka kuposa kale kuti tisapindule kanthu. Kauntala ya kumbuyo inapitiriza kuuma. Achemwali anayesa kumatuluka ndi wodwala pa khomo la kuseri kukalankhulira ku bwalo la zinyalala, koma zimenezo zinangoipitsa zinthu, chifukwa benchi linayamba kuwerenga amene atulutsidwa kuseri. Amene wapita kuseri ndiye kuti ali ndi zazikulu.

Sabata yomaliza ya mweziwo bambo anandiitana ndili m'chipinda chosungira katundu. Anatseka chitseko. Anatulutsa kalata ya dokotala m'thumba la m'kati la jekete, yopindidwa kanayi. Dokotala wake anali wa m'tauni, osati amene tinkamudziwa. Anali ndi vuto la mkodzo, lija limagwira amuna akamakula. Ndinali nditaona kale kuti amapita kuchimbudzi pafupipafupi, koma sindinafunse.

"Ukapita ku Hillbrow ukandigulire amenewa," anatero. "Kumeneko, osati kutsidyaku."

"Mankhwala amenewa tili nawo pa shelefu, bambo. Achemwali ali apo."

"Ndanena kuti ku Hillbrow."

"Ngati mukuchita manyazi ndi mwana wanu wamkazi, ndikumva."

"Mlongo wako ndi wa ntchito, amaona zoposa izi." Anayang'ana ku chitseko. Kuseri kwake kunkamveka mawu a amalume akusimba za mbuzi ya munthu wina. "Botolo likangotsika pa shelefu amalume ako amadziwa ndi mtundu wake womwe. Sindikufuna gulu pakhomo panga."

Ndinawayang'ana m'maso.

"Simukufuna malalanje," ndinatero.

Anandiika kalata ija m'manja n'kutsegula chitseko.

Ndinapita. Ndinayenda mpaka ku Hillbrow, ndinaima pa mzere m'kemisi ya munthu amene sankandidziwa, ndinalipira ndi ndalama za m'sitolo mwathu, mwana wa m'nyumba ya kemisi. Pobwerera ndinawapeza ali okha m'chipinda chija. Chikatoni changa chinali momwemo, atachitsamiritsa kuseri kwa makatoni. Ndinachikoka, ndinachiimika patsogolo pawo, ndinaika mankhwalawo pamwamba pa katoni ndi cholembera pambali pake.

"Ndiye benchi lili m'chigawo chiti, bambo?"

Anatenga mankhwala, anawabisa m'jekete. Cholembera sanachikhudze.

"Ndikudziwa chimene ukunena," anatero. "Usaganize kuti ndine chitsiru. Koma ndikawauza chiyani? Ndi pakamwa pati? Anthu amene ndinakumba nawo manda a anzathu."

"Auzeni zimene mwandiuza inezi."

"Benchi silichoka."

Ichi ndi chimene sindinathe kuwakhululukira. Akanakhala kuti sanamvetse, bwenzi ndikuti ndi ukalamba. Anamvetsa bwinobwino, anamva ndi m'thupi mwawo momwe, n'kusankha kutaya kemisi ndi mwana wawo kusiyana ndi kukhala ndi mphindi zochepa za manyazi pamaso pa anzawo.

Achemwali anachita monga ananenera. Ndalama zolembera munthu wina wa satifiketi panalibe, ndipo popanda woteroyo lamulo sililola kugulitsa mankhwala a kumbuyo kapena kudzitcha kemisi. Anatha masiku angapo akulongedza: zimene holoselo inavomera kulandira zinabwerera, mabuku a odwala anawasamalira monga lamulo linkafunira, ndipo aliyense wa mankhwala a mwezi ndi mwezi anamuuza payekha kumene angapitirize. Ambiri anangowoloka msewu. Tsiku lomaliza anakwera pa mpando n'kutsitsa satifiketi yawo. Pakhoma panatsala chizindikiro choyera. Madoda a pa benchi anaonerera zonsezi.

"Mwana wamkazi akaphunzira," anatero mmodzi, n'kupukusa mutu.

Ndinali ndi katoni m'manja. Ndinaiika pansi bwinobwino, chifukwa ndikanapanda kutero ikanamufikira kumaso.

Ine ndi amene ndinakwera makwerero kukafufuta liwu loti kemisi pa chikwangwani. Tinatsala ndi sopo, mkaka ndi mankhwala a mutu, zinthu zomwezo zimene a kutsidya ankatiposa nazo. Kauntala ya kumbuyo bambo anaikapo makilimu a tsitsi. Madoda anapitiriza kubwera kwa kanthawi, koma pang'onopang'ono nawonso anachepa. M'sitolo ya sopo mulibe nkhani. Palibe amafunsa kuti kwagwanji kunyumba munthu akagula sopo. Tsiku lina ndinaona amalume atakhala pa mpanda waufupi wa kutsidya, pafupi ndi khomo la kemisi yatsopano, panja, pa dzuwa, akuona olowa ndi otuluka. Palibe anawathamangitsira kumeneko. Anapita okha.

Ndinalowa m'sitolo n'kuwauza bambo kuti akasuzumire pa windo aone mlamu wawo. Anali atakhala pa benchi okha, kapu ya tiyi ili pambali. Anati ndisiye zachibwana ndikatsitse makatoni a matewera.